Milomo Yobwereka

Wojambula anali mlongo wake wa mkulu wa bandi, ndipo vuto linayambira pomwepo. Chipinda chimene ankagonamo chinali cha achimwene akewo, kamera anamugulira ndi iwo omwe. Munthu wotere amavomera funso lisanathe.

Ndalama za vidiyo panalibe, choncho pulani yake inali yosalira zambiri. Ajambulira m'galaja ya pakhomo, chitseko chili chotsegula kuti dzuwa lam'mawa ligwire ntchito ya magetsi. Nyimbo izilira pa sipika, oimba azingotsatira. Poyamba atenge bandi yonse chapatali, kenako manja pa gitala ndi pa ng'oma, pomaliza nkhope ya woimba kolasi, pafupi kwambiri. Zidutswazo adzazilumikiza pa kompyuta.

Mtima wake unali pa nkhope imeneyo. Amene anaimba kolasi ku situdiyo anali mlamu wake, mkazi wa achimwenewo. Anthu ankafera mawu amenewo, koma mwini wake sankamudziwa.

"Apa ndiye pakhala alamu," anawauza achimwene ake akuwafotokozera pulani.

"Mkazi wanga azioneka pa foni ya aliyense? Ndapeza mtsikana wovina. Azingoyendetsa milomo."

"Koma mawuwo ndi awo, achimwene."

"Ndiye ndawafufuta? Iwe jambula."

Zinamuwawa, koma akanalowera kuti?

Tsiku lojambula, mtsikanayo anafika atatchena ngati akupita ku ukwati. Kuvina ankakutha, koma kolasi inamukana. Pamene mawu akukoka, iye anali atatseka kale pakamwa, ndipo kamera ikakhala pafupi chonchi bodza lotere silibisika. Anabwereza mpaka wang'oma anayamba kuyasamula. Dzuwa linali kukwera, kuwala kukuthawa m'galaja.

Wojambula anaona mpata. "Achimwene, sizikugwirizana. Bwanji alamu angoima apa, tithane nazo?"

Mkuluyo anakanda ndevu, kenako anakuwira kunyumba. Mlamu anatulukira akupukuta manja. Anali atasintha bulawuzi, ngati munthu woyembekezera kujambulidwa.

"Uime kuseri kwa kamera," anatero mwamunayo. "Uziimba, mtsikanayu azikopera milomo yako. Gwiranso ichi."

Anamupatsa katoni yomata pepala loyera, yobwezera kuwala pankhope.

Nyimbo inayambanso. Mlamu anaimba chapansipansi pafupi ndi khutu la wojambula, mtsikanayo akumuyang'anitsitsa, ndipo milomo inagwera m'malo mwake ndendende. Kutembenuza kamera kuti iloze mlamuyo kunali kosavuta. Wojambula anaganiza zimenezo kolasi yonse, anaganizanso za kumene angakagone, manja ake osasuntha.

"Yatheka," anatero wojambula.

Anyamata a bandi anaomba m'manja, kumuyamikira mtsikanayo. Mlamu anali asanatsitse katoni.

"Mlamu," anafunsa mkazi wa mkuluyo monong'ona, "kuwalaku kumamufika bwino, kapena ndikwezeko?"