Dazi la a Meshack

Madzulo banja linali pakhonde, Leah akuthira mafuta ake a nsatsi m'mabotolo ogulitsa. Dzina lokha ndi lomwe linatsala.

"Lembanipo kuti Mmeretsa Tsitsi," anatero Sophia, mlamu wake. "Ku Songani akachita kulimbirana."

"Nanga okagulitsa si achimwene anuwa?" anafunsa Leah, akuloza amuna ake, a Meshack, omwe dazi lawo linkanyezimira.

"Ndivala chipewa," anatero a Meshack.

"Mphepo ikakachiulutsa? Bambo, mwadzola chaka chonse, koma sipanamere ngakhale kamodzi. Anthu akanditcha wabodza, sadzagulanso."

Onse anaseka. Leah analemba zomwe ankazidziwa: "Mafuta a Nsatsi a Leah, Ofewetsa Tsitsi."

M'mawa mwake a Meshack anamangirira katoni panjinga, chipewa n'kuchisiya pamsomali.