Uthenga wowerenga ikatha Jumu'a

Sitima yochoka ku Balaka kupita ku Nayuchi sidziwa changu, ndipo Lachinayi lija Ramla sanaidandaule. Anakhala pawindo, foni ili pamiyendo, akuonera milambe ikudutsa mwaulesi m'chifunga cha kutentha kwa Okutobala.

Ramla ndiye ankalemba mauthenga a ofesi ya zaumoyo pa Fesibuku ndi pa Watsapu. Loweruka la sabata imeneyo azaumoyo ankabwera ku Nayuchi, kwawo, ndi katemera wa kolera wakumwa uja, mvula isanayambe. Koma kumeneko uthenga suyenda ndi foni yokha. Umafika pa foni ya bambo ake, Che Mahmudu, amene amawerenga zolengeza pamzikiti ikatha swala ya Jumu'a, pemphero la Lachisanu lija. Iwowo akapanda kuuwerenga, achipatala amangokhala pansi pa mtengo tsiku lonse kuingitsa ntchentche.

Ndipo anali ataukana kale kawiri.

Woyamba analemba bwana wa Ramla, a Pitala, munthu amene ngakhale popempha madzi akumwa amayamba ndi "mogwirizana ndi ndondomeko". Unali wa ndime zisanu: anthu onse akudziwitsidwa, akuyenera kutsatira, kulephera kutero. Che Mahmudu anaimba foni.

"Iwe Ramla, ameneyu akutiitanira kukhoti? Talakwanji?"

Wachiwiri anakonza Kevin wa mu ofesi momwemo, wodzaza tinkhope toseka: "Magaye, kolera si nthabwala, tiyeni tikabwire katemera!" Achinyamata a m'tauni anaukonda zedi, ma layiki mbwee. Bambo aja anaimbanso.

"Iyayi. Ine ndi ndevu zangazi ndiime pamaso pa mashehe n'kunena kuti magaye?"

Ramla anaseka tsiku limenelo, koma tsopano mtima unkamuwawa. Kolera yemweyu ndiye anatenga mayi ake zaka ziwiri zapitazo, ndipo chichokereni maliro aja bambo ake sanafunenso kumva za chipatala. Ramla ankaopa kuti nawonso adzapita choncho, mvula ikagwa.

Sitima itawoloka Shire pa Liwonde, tulo tinamunyengerera. Phokoso la njanji linasanduka mtondo wosinjira patali. Anaona mayi ake atavala mpango wawo wobiriwira, ataima pakhomo la a Binti Sharifu, tsiku lomwe anapita kukawauza kuti chitsime chawo chaipa. Sanalowe ndi nkhani kumanja. Anaodira, anafunsa za m'nyumba, za mwendo wa mayiwo, kenaka n'kunena zachitsimezo mosazungulira, mawu atatu anayi basi, ndi kumene angakatunge abwino. A Binti anathokoza m'malo mokwiya. Ramla, ali kamtsikana kogwira chitenje cha mayi ake, ankangoyang'ana nyerere pansi.

Anadzidzimuka sitima itaima pena pake pathengo, mayi wina akutsatsa chinangwa chophika pawindo. Anatenga foni n'kulemba ngati waima pakhomo la munthu:

"Makolo athu ndi abale nonse a ku Nayuchi, tikupereka moni. Mvula yayandikira, ndipo kolera amabwera nayo. Loweruka lino kuyambira 8 koloko m'mawa tidzakhala pabwalo la sukulu ndi katemera. Ndi wakumwa, si jakisoni, ndipo ndi waulere. Aliyense wa chaka chimodzi kupita m'tsogolo atha kulandira. Chonde bwerani, mutengenso ana. Zikomo. Ndife a ofesi ya zaumoyo."

Uthenga sutuluka bwana asanauvomereze. Netiweki itabwerera, anautumiza kwa a Pitala. Anayankha kuti ukuoneka wopepuka, ulibe ulemerero wa ofesi.

"Bwana," analemba Ramla, "tauwerengani mokweza, ngati pali bambo anu patsogolo."

Panadutsa masiteshoni awiri. Kenaka: "Ikani chizindikiro cha ofesi pamwamba. Utumizeni."

Lachisanu masana Ramla anakhala kumbali ya amayi, kuseri kwa nsalu yotchinga. Kunja mphepo inkazunguza masamba ouma a mango. Swala itatha, chimkuzamawu chinakhosomola, ndipo anamva mawu a bambo ake. Anawerenga pang'onopang'ono, osadumpha liwu, osawonjezapo lawo. Atamaliza anabwereza zonse m'Chiyao. Mayi wina pafupi naye anafunsa mnzake ngati ndi zoona kuti sabaya, mnzakeyo n'kuti wamva yekha.

Madzulo ake bambo ndi mwana anakhala pakhonde, njanji ikunyezimira chapatali cha ku Mozambiki.

"Wachitatuwu analemba ndani?" anafunsa Che Mahmudu. "Bwana wako uja?"

Ramla anangoti, "Ndi a ku ofesi, Ababa."

"Ameneyo analeredwa. Amalankhula ngati malemu mayi ako." Anapukuta magalasi ndi m'mphepete mwa mkanjo. "Wati 8 koloko? Udzandidzutse ndikagonanso ikatha swala ya m'mawa. Sindifuna kukapezeka kumbuyo kwa mzere, ine amene ndawaitana."