Wopita Naye ku Mpikisano

Atamaliza kudya madzulo, onse anali akadali patebulo. Bambo ankatokosola m'mano, ndipo Chitsirizira, mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, anayala pepala la mawu a Chingerezi. Mawa lake kunali mpikisano wotchula zilembo za mawu. Fomu ya kusukulu inkalola munthu wamkulu mmodzi yekha kupita naye, ndipo pa mzere wa dzina panali pasanalembedwe.

Mayi, amene akhala akutayipa makalata mu ofesi zaka makumi awiri, ndiwo ankamuphunzitsa kuyambira kale. Koma chibwerere mng'ono wawo, mphunzitsi, kudzakhala nawo pakhomopo, mwanayo ankangoti "mayi aang'ono akuti, mayi aang'ono akuti."

Mayi anawerenga pepalalo n'kugwedeza mutu. "Zonse zili bwino."

Mng'ono wawo anasuzumira paphewa. "Akulu, pepani, apa pali chokonza. Walemba definately. Mawu amenewa alibe a."

"Yayamba sukulu tsopano," anatero Bambo. "Ine ndikhale kumbuyo?"

Mayi sanaseke.

"Si iwe wekha, mwanawe," anapitiriza mng'onoyo. "Potchula, mphamvu imagwera koyambirira, pa de. I wachiwiriyo amangomezedwa, samveka kuti ndi ndani. Ndiye khutu limakumbuka fortunately ndi immediately, amene amatha mofanana koma alidi ndi a, dzanja n'kungotsatira."

"Nanga ndikumbukira bwanji?"

Mng'onoyo anaphimba de ndi chala chimodzi, ly ndi china, pa mawu akuti definitely amene anam'lembera molondola. "Chatsala n'chiyani?"

"Finite!"

"Fainaiti. Apo ma i onse awiri akumveka. Ukakayika, itananso mbale wake definition. Banja lonseli ndi la i."

Chitsirizira anawomba m'manja n'kutsamira paphewa la mayi ake aang'onowo, pomwe paja ankatsamira pa Mayi. Mayi anayamba kusonkhanitsa mbale, zikugundana kuposa masiku onse. Kuntchito kompyuta inkawakonzera mawu amenewa mwakachetechete, zaka zonsezi, osawachititsa manyazi pamaso pa mwana.

"Amayi," anatero mwanayo, maso ali pansi, "kodi mawa mwina..."

"Ndapempha kale tchuthi." Anapukuta manja, kukoka fomu ija, n'kulembapo dzina lawo mokanikiza mpaka cholembera chinatsala pang'ono kuboola pepala.

"Ndi bwino choncho, akulu," anatero mng'onoyo mofatsa. Kufatsa kwakeko n'kumene kunawawawa kwambiri.

M'mawa anatuluka awiri, Mayi atanyamula chikwama cha mwana. Pa siteji ya basi Mayi anatsokomola pang'ono.

"Tatchula definitely timve."

Mwanayo anakweza zala ziwiri, ngati akuphimba kanthu m'mwamba, n'kutchula zilembo zonse khumi osaphonya.

"Wakhoza," anatero Mayi, akuyang'ana zala zija. Anam'konza kolala, ngakhale inali yowongoka kale. Basi itaima, anam'gwira dzanja zolimba n'kukwera naye.