Nsomba Zodulidwa Mchira Wam'mwamba

Masamu sanandigonjetsepo ine. Ndinayamba ndi wilibala yobwereka, lero ndili ndi malole atatu, ndipo pasipoti yanga inadzaza zidindo mpaka anandipatsa ina. Ngakhale masamu owerengera nsomba zili m'madzi ndinawamva m'mawa umodzi, msanga kuposa wina aliyense.

Damu langa lagundana ndi la mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, mphunzitsi wopuma ntchito woyenda pa njinga yopanda mabuleki. Koma kunyumba kwanga nyimbo ndi imodzi: "Achimwene ali ndi dzanja la nsomba." Inde, nsomba 300 zoyambira anandibwereka ndi iyeyo, koma ndi nkhani yoikumbutsa chaka ndi chaka?

Hotela ina inkafuna mlimi mmodzi woipatsa nsomba, amene ali nazo zambiri. Gulu lathu la alimi linaitana mlangizi wa nsomba, mayi wosaseka, kuti adzawerenge madamu awiriwa.

"Muphwetsa madzi?" ndinafunsa.

"Ayi, bambo. Lero tigwira 200, tizidula kansonga ka mchira, tizibwezere. Zikasakanikirana ndi zinzake, Lachisanu tidzakokanso khoka. Zodula zikadzapezeka zambiri, ndiye kuti m'damumo nsomba n'zochepa. Zikadzapezeka zochepa, zasowa m'chigulu. Tidzachulukitsa 200 ndi zonse za Lachisanu, n'kugawa ndi zodula zimene zagwidwanso. Koma pasalowe kapena kutuluka nsomba."

Atamaliza kwanga anapita kwa mlamu. Ine sindinatsatire. Ndikaonerere chiyani, nsomba za eni?

Lachitatu masana, mlamu atapita kukalandira penshoni, ine ndi dalaivala wanga tinakoka khoka m'damu langa mpaka msana kuwawa. Tinasankha zodula 40, n'kukazikhuthulira m'damu la mlamu. Kwanga zodula zichepe, chiwerengero chikwere. Kwake zichuluke, chitsike. Mutu uwu!

Lachisanu kwanga tinagwira 150, zodula khumi zokha.

"Zikwi zitatu," anatero mlangizi.

Ndinayang'ana akazi anga. "Mwamva, mayi? Dzanja lija ndi ili."

Kwa mlamu anagwiranso 150, zodula 15. Ndinawerengera mumtima: zikwi ziwiri. Ndinayamba kumupepesa mokweza. "Musadandaule alamu, ndizikutumani kukasiya nsomba kuhotela. Pa njinga pomwepo."

Koma mlangizi anapatula nsomba zitatu m'beseni, n'kuzitembenuzatembenuza.

"Kuno ndinadula nsonga yam'munsi. Yam'mwamba ndinadula kwa bambo awa. Kodi nsomba zawo zili ndi miyendo?"

Dalaivala wanga anayamba kuyang'ana mitambo. Wapampando wa gulu anavula chipewa. Lamulo lathu ndi lodziwika: wachinyengo amachotsedwa m'gulu, ndipo mbewu ndi misika amaziiwala.

Mlamu anatsokomola. "Pepani amayi, ndinaiwala kunena. Alamu anga akundibwezera nsomba zimene ndinawabwereka. Angolakwitsa sabata. Zinali zingati kodi, alamu?"

"Makumi anayi," ndinayankha, mawu akutuluka ngati a mwanapiye.

"Zonse zodula?" anafunsa mlangizi.

"Zinangochitika."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera ku kope lake. "Kwa aphunzitsi zodula zawozawo ndi 12, ndiye nsomba zili pafupifupi 2,500. Kwanu kunatsala zodula 160, osati 200, ndiye 2,400. Kuwerenga kotere n'kongoyerekeza, kusiyana kwa 100 si kanthu. Ndikanawauza a hotela kuti mugawane msika. Koma damu losokonezedwa ndi mwini wake sindingalisainire, ndipo iwo akufuna yankho lero."

Msika wonse unapita kwa munthu wa njinga.

Wapampando anavalanso chipewa. Akazi anga anagwira mkono wa mchimwene wawo ndi manja awiri, ndipo ndinadziwa kuti nyimbo ija yapeza ndime yatsopano. Tsopano si dzanja lokha, ndi mtimanso. Mlamu akanangondineneza bwenzi ndikumuda mwamtendere.

Loweruka ndinatumiza kwa mlamu lole yaikulu, ya matayala khumi, kuti anthu aone. Mtunda wake ndi mapazi makumi asanu. Kumbuyo kunali migolo iwiri yokha ya nsomba. Mlamu anawerenga yekha imodziimodzi, magalasi ali pamphuno, ngati akuchonga mayeso.

"Zakwana, alamu. 260. Ndi zija zoyenda pansi, 300."