Chala cha Malemu M'mbali mwa Bafa

Pulambala wina anali atakonza mabafa m'mizinda yambirimbiri, koma kwa apongozi ake anachita kugwidwa mkono.

"Ingomata pamwamba pakepo, mwananga," anatero mayiwo, akunena silikoni wakale, phala lotsekera mpata wa pakati pa bafa ndi khoma.

"Amayi, silikoni watsopano sagwira pa wakale. Uyu wada ndi nkhungu, madzi akulowera kuseri."

Mayiwo analoza pakona. Pamenepo panali chidindo cha chala cha malemu amuna awo, amene anasalaza silikoniyo kalekale.

"Kumata sankakudziwa bambo aja, koma chala chokha chinali chachifumu!" anaseka pulambalayo.

Anacheka ndi kampeni m'mwamba ndi m'munsi, mosamala kuti asakande bafa, nakoka silikoniyo ngati chingwe. Anadula kachidutswa ka chidindo kaja, nakatsuka, nakaika m'manja mwawo.

Mayiwo anakafumbata. "Pala zotsalazo tsopano. Pakauma umate."