Khofi wa a Chisenga

Bambo ake a Exildah, a Chisenga, anakalamba akuthyola khofi ku Kasama, koma anali asanamulawepo. Khofiyo ankapita kunja m'masaka, iwo n'kumamwa tiyi, akapezeka. Atatumiza uthenga woti akubwera ku Chelstone, ku Lusaka komwe mwana wawoyo ankakhala, ndipo atenga khofi wa m'mitengo yawoyawo ya kuseri kwa nyumba, Exildah analumbira kuti ulendo uno amwa basi.

Chopera ndicho panalibe. Masiku amenewo, pamene sopo yemwe ankaimiridwa pamzere, sitolo ina ya mu Cairo Road inali ndi zopera khofi ziwiri zokha zomwe thumba lawo likanakwanitsa: chamanja ndi kamagetsi kotchipa.

Wilbroad, mwamuna wake, maso anali pa kamagetsiko. Munthuyu ankakonda kuoneka.

"Iwe, ba tata babwele ku Lusaka batipeze tipukusa monga ku munzi? Nyumba ili na malaiti!"

Exildah sanatsutse. Anapempha wogulitsa kuti ayese zonse ziwiri ndi khofi wokazinga wa m'sitolomo. Kamagetsi kanalira ngati mavu, kampeni kake kakungodula mwachisawawa: wina fumbi, wina misere. Fumbi limawawitsa khofi, misere imasiya madzi okhaokha. Chamanja chinachedwa, inde, koma mano ake amaphwanya njere mofanana, ndipo ukamanga kapena kumasula nati yake, umasankha wekha kukula kwake.

"Ba tata banasankha imozi-imozi na manja," anatero Exildah. "Sinizaionongela mu ka ndeke aka."

Anagula chamanjacho, ndipo Wilbroad anakwiya njira yonse. Mu minibasi anakana ngakhale kunyamula phukusilo.

A Chisenga atafika, Exildah anakazinga njere zija m'chiwaya mpaka zinathetheka n'kuda bwino. Zitazizira, mkuluyo analanda chopera, nachipana pakati pa mawondo, n'kuyamba kupukusa yekha. Fungo linadzaza nyumba. Wilbroad anakhala patali pakhomo, monga achitira mkamwini, manyazi atamugwira.

Mtima wa Exildah unali m'mwamba powapatsa kapu. A Chisenga anamwa pang'ono, nkhope n'kukwinyika.

"Ndiye vamene bazungu balilila ivi?"

Anathira shuga, namwanso. Kenaka anayang'ana zala zawo zokakala. Anamaliza kapu yonse, napempha ina.

"Mwana wanga," anatero, dzanja lili pa chopera, "aka sikafuna malaiti, ai?"

"Sikafuna, ba tata."

"Nipase niyende nako. Banyoko na banzanga bonse ba ku munda sibaziba vamene tilima. Naonso bamweko."

Exildah anavomera ndi mutu monyadira.

Wilbroad anakonza pakhosi pakhomo paja, nawomba m'manja mwaulemu. "Tenze tinaganizilatu, ba tata. Vamalaiti ni vongoonesela chabe."

Exildah anamuyang'ana m'mbali, koma anamusiya. Loweruka lake chopera chinakwera basi ya ku Kasama chitakulungidwa m'chitenje, pamiyendo pa a Chisenga, chifukwa anakana kuti chiikidwe pamwamba ndi akatundu.