Chisamani M'thumba la Epuloni

Chisamani cha ku khoti chinatha sabata m'thumba la epuloni ya Rosebell. Chinkamuitana Lachinayi m'mawa kuti akachitire umboni pa mlandu wa Elvis, wogulitsa masitiroberi mumsewu wa m'phiri, yemwe ankamuimba mlandu wothyola galimoto ya alendo n'kuba kamera.

Elvis sanabe. Masana a tsiku lomwe kamerayo inabedwa anali ndi Rosebell kumtunda kwa damu, pansi pa mitengo ya paini, akumulonjeza ukwati. Chibwenzicho palibe ankachidziwa, ndipo Rosebell ankachikonda chili chobisika choncho. Koma a Alufandika, manijala wa loji yomwe Rosebell ankagwirako ntchito, anali mkulu wampingo limodzi ndi amalume ake.

"Ungowauza kuti kwagwa maliro," anatero Felista, mnzake wa kukhitchini. "Alipo bwana amene anakanizapo maliro?"

Rosebell anagogoda pa ofesi molimba mtima. "Bwana, ndapempha Lachinayi. Azakhali atisiya ku Malosa."

A Alufandika anavula magalasi. "Pepa, mwana wanga. Ukudziwa mwambo wathu pano, wantchito sapita yekha kumaliro. Galimoto ikuperekeza, amayi awiri apite nawe. Ndiwaimbire amalume ako ndiwapepese."

Dzanja lawo linali litagwira kale foni. Rosebell anayang'ana pazenera, nkhungu ikutsika phiri pang'onopang'ono, n'kuganizira Elvis ataima yekha m'khoti. Anatulutsa pepala lija n'kuliyala patebulo.

"Kulibe maliro, bwana. Kuli ichi."

Anawerenga mpaka pa chidindo. "Ndiye unafuna kupha azakhali ako chifukwa cha chisamani? Ichi sitipempha, timangodziwitsa. Ukapanda kupita, khoti likhoza kulamula apolisi adzakutenge pompano, alendo akuona. Ine ndine ndani wokaniza khoti?" Kenako anatsitsa mawu. "Kodi unaona chiyani?"

"Ndikanena nditalumbira, bwana."

"Ehe! Chabwino. Galimoto ipitabe kumsika, ukwere. Pobwera alembi a khoti akudindire kuti unafikadi."

Lachinayi ku khoti anamuuza adikire pabenchi panja, poti mboni simvera anzake akupereka umboni. Dzina lake litaitanidwa analowa, n'kuona Elvis atawonda m'kabokosi ka oimbidwa mlandu. Kumbuyo kunali amalume ake a Rosebell, chipewa chili pabondo. Nkhani inali itawapeza kale.

Analumbira, nanena mokweza za malo, nthawi ndi mitengo ya paini ija.

Wapolisi woimira boma anaimirira. "Mayi, munthuyu ndi ndani wanu kuti tikukhulupirireni?"

"Ndi amene adzandikwatire. Koma ndabwera kudzanena kumene anali, ndipo anali ndi ine."

Amalume anatsokomola. Elvis anamwetulira chozolika.

Chigamulo chinabwera sabata yotsatira, ndipo Elvis anapezeka wosalakwa. Madzulo ake amalume anatumiza uthenga waufupi: "Mnyamatayo atumize akwawo. Za kumitengo ya paini zithe."